Maola 24 amene amasowa pa malipiro a mlonda

Holide yapitayi ndinakhala masabata atatu pa Zalewa kwa malume anga. Iwo ndi mlonda pa nyumba ina yosungiramo katundu, ndipo sinditchula mwini wake chifukwa nkhaniyi si ya munthu mmodzi. Amalowa 6 koloko madzulo, dzuwa la m'mbali mwa Shire litangoyamba kuzizira, n'kutuluka 6 koloko m'mawa pamene ma minibasi oyamba a ku Mwanza ndi ku Blantyre akuyamba kuitanira. Tsiku lina atadzuka masana anandiponyera kakope ka ana asukulu ndi bolopeni.

"Iwe wa ku yunivesite, tandiwerengera. Abwana akuti amandilipira za boma, osachotsapo ngakhale tambala. Nanga bwanji ndimangoona ngati ndikuberedwa?"

Ndinayankha kuti, "Malume, ngati akukupatsani zimene boma linalamula, ndiye kuti zili bwino." Ndinalakwa, ndipo zinanditengera madzulo awiri kuti ndione pomwe ndinalakwira. Abwanawo sankanama. Ndalama yomwe amapereka ndi yomwe boma linalengezadi. Koma ndalama imeneyo ndi mtengo wa maola 48, pamene malume amagwira maola 72, sabata zina 84. Zili ngati munthu wagula thumba la manachesi pa mtengo woyenera, koma ponyamuka wanyamula thumba ndi theka.

Tiyambe ndi zomwe lamulo likunena, chifukwa ambirife timangomva kuti "malamulo a ntchito" osawatsegula. Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi lamulo la zolembana ntchito la chaka cha 2000. Ndime 36 ya lamuloli imaika malire a maola a ntchito pa sabata, omwe ndi 48, osawerengera ovataimu. Imamutchulanso mlonda mwachindunji, kuti nayenso malire ake ndi omwewo. Nambala imeneyi sinayambire kwathu kuno. Pangano loyamba lenileni la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, la mu 1919, linali la maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata kwa ogwira ntchito m'mafakitale. Ndime 36 yomweyo imaletsanso kugwiritsa munthu ntchito masiku opitirira 6 otsatizana osamupatsa mpumulo wa maola 24 osadukiza.

Tsono shifiti ya mlonda ndi ya maola 12. Mashifiti anayi okha akwanitsa maola 48. Munthu amene wayamba Lolemba madzulo, pofika m'mawa wa Lachisanu amakhala atamaliza sabata yake yonse ya lamulo. Usiku wa Lachisanu ndi wa Loweruka, maola 24 amenewo, ndi ovataimu yokhayokha kuyambira mphindi yoyamba mpaka yomaliza. Ichi ndi chomwe sindinachione poyamba. Timaganiza ovataimu ngati kutsalira ola limodzi kapena awiri mu ofesi pothamangitsa lipoti. Kwa mlonda wa mashifiti 6, gawo limodzi mwa magawo atatu a moyo wake wa pa ntchito ndi ovataimu, sabata ndi sabata, chaka chonse.

Tiyike ndalama. Kuyambira mu Juni 2025 malipiro otsikitsitsa a anthu ambiri apantchito anakwera kuchoka pa K90,000 kufika pa K126,000 pa mwezi. Nambalayi imasintha, choncho ngati mukuwerenga izi itakwera kale, ikanipo yatsopano. Njira yowerengera ndi yomweyi. Mwezi wa malipiro amenewa umawerengedwa masiku 26, ndiye tsiku limodzi ndi pafupifupi K4,846. Tsikulo ndi la maola 8, pakuti masiku 6 a maola 8 ndiwo amapanga 48. Choncho ola limodzi ndi pafupifupi K606, ndipo sabata ya maola 48 ndi pafupifupi K29,077. Sungani manambala awiriwa, K606 ndi K29,077, chifukwa china chilichonse chikuchokera pamenepa.

Malume amalandira K126,000 yomweyo, palibe choonjezera. Ndiye kuti pa sabata amalandira K29,077 pa maola 72. Mukagawa mupeza kuti ola lawo likugulidwa pafupifupi K404, osati K606. Pa pepala ali pa malipiro a boma. Pa ola ali pansi pake ndithu. Abwana akhoza kulumbira pamaso pa aliyense kuti amatsatira boma, ndipo mwina amakhulupiriradi zimenezo ndi mtima wonse, popeza nambala yomwe anaimva pa wailesi ndi ya pa mwezi, ndipo wailesi siinanene za maola.

Funso loti maola 24 owonjezerawo alipidwe bwanji ndi pomwe nkhani imavuta, ndipo ndi pomwe ndili ndi mlandu ndi lamulo lenilenilo. Kwa wantchito wina aliyense ndime 39 inalongosola bwino. Ola la ovataimu wamba, la pa tsiku la ntchito, lilipidwe osachepera mtengo wa ola limodzi ndi theka. Ola logwira pa tsiku lopuma lilipidwe kawiri, ndipo la pa holide ya boma kawirinso. Kalaliki, dalaivala, wogulitsa mu shopu, onsewa akhoza kuwerengera okha pa foni.

Mlonda anamupatsa chiganizo chakechake mu ndime 36. Chimati maola opitirira 48 atengedwe ngati ovataimu, ndipo alipidwe pa mlingo wa 50 peresenti ya malipiro ake enieni. Ndinachiwerenga kasanu. Ine si wa zamalamulo, ndimaphunzira mbiri ndi zilankhulo, koma ntchito yathu ndi yoyang'ana chiganizo n'kufunsa kuti chikhoza kutanthauza zingati. Ichi chikhoza kutanthauza zitatu.

Wina anganene kuti ola lililonse loonjezera lilipidwe theka la mtengo wa ola wamba, K303. Pamenepo maola 24 a malume ndi pafupifupi K7,269, ndipo sabata yonse ndi K36,346. Wina anganene kuti ayi, theka lake ndi la malipiro onse a sabata, K14,538, lomwe likuperekedwa pamwamba. Mukayang'ana bwino muona kuti 24 ndi theka la 48, ndiye theka la malipiro pa theka la maola ndi mtengo wamba wa ola basi, popanda chosangalatsa chilichonse; sabatayo ikhala K43,615. Wachitatu anganene kuti 50 peresentiyo ndi yoonjezera pa mtengo wa ola, monga mwa ndime 39, ola n'kukhala K909, maola 24 n'kukhala K21,808, sabata n'kufika K50,885. Munthu yemweyo, geti lomwelo, udzudzu womwewo wa pa Zalewa, koma pakati pa kuwerenga koyamba ndi kwachitatu pali kusiyana kwa ndalama zoposa K14,500 sabata iliyonse.

Musaganize kuti kuwerenga koyambako ndi nthabwala ya wophunzira. Kunagwirapo ntchito m'dziko muno pa alonda ambirimbiri. Mu 2007 gulu la mabungwe a apantchito ndi omenyera ufulu, kuphatikizapo bungwe la ku Britain la War on Want, linatulutsa lipoti la momwe alonda a kampani ya G4S ankagwirira ntchito ku South Africa, ku Mozambique ndi kuno ku Malawi. Chimodzi mwa zomwe lipotilo linanena za kwathu kuno chinali chakuti alonda a mashifiti a maola 12 ankalipidwa theka la mtengo wa ola pa maola a ovataimu. Nkhani ya alonda a kampaniyi inali itafika kale ku boma la Britain kudzera m'dandaulo lomwe mgwirizano wa mabungwe a apantchito wa UNI unapereka mu 2006, ndipo mbali ziwirizo zinasainirana pangano mu Disembala 2008. Chomwe chimandikhudza pa mbiri imeneyi n'chakuti mlonda wa ku Malawi anafunika kuti dandaulo lake likamveke ku London, pamene muzu wa vuto unali m'chiganizo chimodzi cha lamulo lathu lomwe.

Maganizo anga ndi awa. Kuwerenga koyamba n'kosamveka, ndipo sikungayime pafupi ndi ndime 31 ya malamulo oyendetsera dziko lino, yomwe imapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Cholinga cholipiritsa ovataimu mokwera n'chakuti ola la 49 limupweteke bwana m'thumba, aganize kawiri asanamusunge munthu wotopa pa ntchito, mwinanso alembe wina. Mukatsitsa mtengo wa ola limenelo kufika pa theka, mwatembenuza cholingacho chadodolido. Mwamuuza bwana kuti mlonda wotopa ndi wotchipa kuposa mlonda watsopano. Palibe wamalonda amene angalembe munthu wachitatu pa K606 pa ola pamene awiri omwe ali nawo akhoza kuwatalikitsira maola pa K303. Kuwerenga kwachiwiri n'kwabwinoko, ndipo ndikuona kuti ndi pansi penipeni pomwe munthu wachilungamo angayimepo lero. Koma nakonso kumasiya funso lomwe sindinapeze yankho lake: n'chifukwa chiyani ola la khumi ndi chiwiri la kalaliki lili lodula kuposa loyamba, pamene la mlonda ayi? Aphungu athu akhoza kukonza zimenezi ndi mzere umodzi, kufufuta chiganizo chapaderacho n'kumuika mlonda pansi pa ndime 39 monga wina aliyense.

Ndikudziwa yankho lomwe limabwera, chifukwa mnzanga wina wa m'chipinda changa ku koleji anandipatsa lomwelo: mlonda amangokhala, mwinanso amagona, ndiye maola ake sangafanane ndi a munthu wonyamula matumba. Zoona, pali maola omwe malume amangokhala pa benchi atafunda jekete. Koma taganizirani chomwe bwana akugula. Sakugula thukuta. Akugula kuti munthu akhale pamalopo, osachoka, osapita ku maliro a m'mudzi, osagona kunyumba kwake, ali tcheru ndi tochi ndi wezulo ndi chibonga pamene enafe tatseka zitseko. Usiku womwe pabwere akuba, palibe amene adzanene kuti ola la 2 koloko linali la theka. Ndipo katundu akasowa, woyamba kufunsidwa ku polisi ndi mlonda, kaya kubako kwachitika mu ola loyamba kapena lomaliza. Ngati udindo wake uli wathunthu maola onse 12, mtengo wake usakhale wodukaduka. Za kugonazo, munthu amene wagwira mausiku 6 otsatizana, masana n'kumayesa kugona m'nyumba ya malata pa kutentha kwa Okutobala kwa pa Zalewa, akasinza pa geti ine sindidabwa. Kusinzako kumachokera mu ndandanda ya mashifiti yomwe bwana analemba yekha.

Tsopano za tsiku lopuma, lomwe alonda amangoti ofu. Sabata yomwe ndinawerengera m'kakope kaja inali yachilendo pang'ono. Malume anagwira Lolemba mpaka Loweruka monga mwa nthawi zonse. Anaweruka Lamlungu 6 koloko m'mawa, ndipo amayenera kubwereranso Lolemba madzulo. Koma mnyamata yemwe amawalandira Lamlungu anapita kumudzi kwawo ku mapiri a kwa Dambe, mvula inagwa, msewu unaterera, sanabwere. Aliyense wa ku Neno akudziwa kuti zimenezi si bodza. Foni inalira 4 koloko masana, ndipo malume anavala yunifolomu.

Pali zinthu ziwiri apa zomwe anthu amasokoneza. Choyamba, kuchoka 6 koloko m'mawa kufika 6 koloko madzulo ndi maola 12, osati 24. Munthu akakuuzani kuti mlonda wa usiku "amapuma masana onse", akunena za nthawi yogona pakati pa mashifiti awiri, yomwe si tsiku lopuma la lamulo. Mpumulo wa lamulo ndi maola 24 osadukiza. Kwa mlonda wa usiku zikutanthauza usiku umodzi wathunthu womwe sakupita ku geti. Chachiwiri, usiku wa Lamlungu uja suli m'gulu la maola 24 aja timakanganirana. Ndi ntchito ya pa tsiku lopuma, yomwe ndime 39 imati ilipidwe kawiri. Maola 12 pa K1,212 ndi pafupifupi K14,538. Choncho sabata imeneyo, ngakhale titatenga kuwerenga kwachiwiri komwe sikokwera kwambiri, malume amayenera kulandira K43,615 kuphatikiza K14,538, zomwe ndi K58,153. Analandira K29,077, theka lake ndendende, ndi mawu akuti zikomo. Pa maola 84, ola lawo linatsika kufika pa K346.

Ndipo kulipira kawiri sikufufuta mpumulowo. Lamulo silinati masiku 7 otsatizana ndi ololedwa bola mwalipira. Linati opitirira 6 ayi. Malume atagwira Lamlungu lija anapitirira Lolemba mpaka Loweruka lotsatira, mausiku 13 osapumira. Palibe amene anakonza zoipa. Panalibe munthu wina woti aimepo, basi.

Kusowa kwa munthu winayo ndiye gwero lenileni, ndipo ndi masamu a pulayimale. Geti lomwe likufuna mlonda usana ndi usiku lili ndi maola 168 pa sabata. Mukagawa ndi 48 mupeza anthu atatu ndi theka. Malo ambiri amaikapo awiri, wa masana ndi wa usiku, aliyense maola 84, n'kumayembekezera kuti sadzadwala, sadzaferedwa, sadzafuna tchuthi. Geti la usiku wokha lili ndi maola 84, omwe ndi ntchito ya anthu pafupifupi awiri, koma amalembapo mmodzi. Choncho mukafuna kudziwa ngati alonda a pa malo ena akulipidwa moyenera, simufunika kuona mabuku a kampani. Werengani mageti, werengani alonda. Ngati ndi awiri pa geti la maola 24, mwina pali ovataimu yaikulu pa malipiro awo, kapena pali maola omwe sakulipidwa. Ngati malowo amalemba alonda kudzera ku kampani, funsani ndalama yomwe amapereka pa mlonda mmodzi pa mwezi. Pa kuwerenga kwachiwiri kuja, mlonda wa mashifiti 6 pa sabata ayenera kulandira K189,000 pa mwezi, K126,000 ndi theka lake pamwamba. Kampani ikamalipiritsa ndalama yochepera pamenepo, musanawerengere yunifolomu, penshoni, wolandira pa ofu ndi phindu lake, mukudziwa kale amene akulipira kusiyanako.

Pali chodandaula chimodzi chomwe sindingachinyoze. Wa golosale pa Ligowe kapena wa chigayo pa Lisungwi, phindu lake la mwezi mwina silifika n'komwe pa K189,000. Mukamukakamiza, angochotsa mlondayo n'kumagona yekha mu shopu, ndipo munthu amene timati tikumuteteza watsala opanda kalikonse, m'boma lomwe ntchito yolembedwa ndi yosowa. Izi n'zoona, ndipo malume eniakewo anandiuza kuti ndisawapangitse kuchotsedwa ntchito ndi masamu anga. Koma yankho la wamalonda wamng'ono lilipo: mashopu anayi oyandikana asonkherane alembe alonda awiri osinthana, m'malo moti shopu iliyonse ikhale ndi wake wa mausiku 7 pa ndalama ya ndiwo. Chachikulu n'chakuti umphawi wa wa golosale usakhale chobisalira cha olemba ntchito akuluakulu. Neno, boma lomwe linapatuka ku Mwanza mu 2003, si la magolosale okha. Muli njanji ya ku Nacala, muli zipatala ndi mabungwe, muli nyumba zosungiramo katundu m'mbali mwa misewu ikuluikulu, ndipo ntchito yomanga malo opangira magetsi pa Mpatamanga, pa Shire pakati pa Neno ndi Blantyre, idzafuna alonda ambiri pa makampu ndi pa zipangizo. Sindikunena kuti awa amalipira molakwika. Ndikunena kuti kwa olemba ntchito a msinkhu umenewu mlonda wachitatu ndi wachinayi pa geti ndi kadontho mu bajeti, ndipo nthawi yofunsa kuti geti lililonse lidzakhala ndi anthu angati ndi pamene makontirakiti akulembedwa.

Amene adzalembe makontirakitiwo ndi ife. Mnzanga amene anamaliza chaka chatha ndi wothandizira mu ofesi ya za antchito pa bungwe lina, ndipo ntchito yake yoyamba inali kufananiza mitengo ya makampani atatu a alonda n'kusankha yotsika. Palibe anamuuza kuti agawe mtengowo ndi 72. Ena a ife tidzakhala owerengera ndalama, ena akuluakulu a sukulu, ena tidzangokhala ndi nyumba ya mpanda ndi munthu wotsegula geti tikaliza hutala 11 koloko usiku.

Kwa mlonda mwini wake, chida chomwe ali nacho ndi chaching'ono koma chimagwira. Lamulo lomweli limafuna kuti wolemba ntchito apereke kalata yofotokoza za ntchito, kuphatikizapo maola ndi malipiro, komanso kapepala kolongosola malipiro nthawi iliyonse yolipira. Kapepalako kakangokhala ndi nambala imodzi, popanda mzere wa ovataimu, kwa munthu wa mashifiti 6, vuto laonekera pomwepo. Dandaulo la malipiro limayamba kwa ofisala wa za ntchito wa boma, yemwe anthu amangoti a leba, ndipo likakanika kumeneko limapita ku khoti la za ntchito. Kumeneko funso loyamba lidzakhala lakuti munagwira masiku ati, kuyambira nthawi yanji. Buku lomwe alonda amasainamo polowa ndi potuluka limatsala m'manja mwa bwana. Mlonda amene alibe lake amangoti "ndinkagwira tsiku lililonse", ndipo mawu otero ndi osavuta kuwakana.

Choncho ndisananyamuke ndinajambula mizere m'kakope kaja: tsiku, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, ndi malo olembapo ngati linali tsiku la ofu kapena holide ya boma. Malume anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ukuti ndikawaonetse abwana zimenezi?"

"Ayi malume, muzingolemba kaye. Tsiku loonetsa mudzasankha nokha."

Anaseka, n'kukalowetsa m'thumba la jekete momwe amasungamo mabatire a tochi. Sabata yatha anandiimbira foni kundiuza kuti masamba atatu adzadza, ndipo ndikamabwera pa Khirisimasi ndiwagulire kope lina, lachikuto cholimba, chifukwa ili likunyowa ndi mame.